Lolemba Loyamba Pambuyo pa Matenda Kapena Maliro

Pa nkhani ya maliro, anthu ogwira ntchito limodzi m'Malawi muno sachita ulesi. Uthenga ukangofika kuti mnzawo waferedwa, pepala la chipepeso limayamba kuzungulira m'ofesi dzuwa lisanafike paliwombo. Wina amathamangira kwa bwana kukapempha galimoto, amayi amamanga zitenje, ndipo pofika madzulo gulu lakhala kale pasiwa. Tsiku loika, mmodzi amaimirira n'kulankhula m'malo mwa anzake onse, envulopu n'kuperekedwa kwa mwinimbumba. Zonsezi zili ndi mwambo wake. Aliyense amadziwa pokhala, choyankhula ndi nthawi yotsanzika.

Chimene chilibe mwambo ndi Lolemba limene namfedwa uja wabwerera kuntchito. Anthu omwewo amene anachezera naye usiku wonse akuimba nyimbo, tsikuli amasowa poyang'ana. Akalowa m'chipinda chomwera tiyi, nkhani ya mpira imaduka pakati. Wina amam'patsa moni mwachangu ali kuyenda, ngati kuti akaima agwidwa ndi funso. Wina amachita kupitirira muyeso, kum'gwira paphewa kanayi tsiku limodzi akuusa moyo. Wobwerera kuchokera kuchipatala amakumana ndi zofananazo, kungoti kwa iye amawonjezapo kum'yang'ana thupi, kuyambira kumasaya mpaka kulamba wa thalauza.

Anthu amenewa si ankhanza. Ambiri sadziwa chimene akuloledwa kudziwa, chimene angafunse, ndiponso ngati mnzawoyo angathe kusenza ntchito monga kale. Mafunso atatuwa akapanda kuyankhidwa ndi eni ake, amayankhidwa ndi mphekesera. N'chifukwa chake tsiku lobwerera liyenera kukonzedwa lisanafike, ndipo okonza ake ndi awiri: wobwererayo ndi womuyang'anira pantchito.

Poyambira pabwino ndi lamulo, chifukwa ndilo limafotokoza chifukwa chimene anthu ambiri amabwerera asanachire. Lamulo la Ntchito la chaka cha 2000, m'ndime 46, limati munthu amene wagwira ntchito miyezi 12 mosadukiza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cha masabata 4 akulandira malipiro onse, ndi masabata ena 8 akulandira theka, chaka chilichonse. Chofunika ndi kalata ya dokotala wovomerezeka yonena kuti sangathe kugwira ntchito. Makampani ena amapereka zoposa pamenepa, koma sangapereke zochepera.

Tiyerekeze mayi wina, kalaliki wa ofesi ina ku Limbe, amene amalandira K300,000 pamwezi. Watsokomola mwezi wathunthu, akutuluka thukuta usiku, ndipo kuchipatala atayeza makhololo am'peza ndi chifuwa chachikulu. Mankhwala a chifuwa chachikulu chosavuta kuchiza amamwedwa miyezi 6: miyezi 2 yoyamba mankhwala anayi ophatikizidwa, miyezi 4 yotsatira mankhwala awiri. Miyezi 6 ndi masabata 26, pamene tchuthi chonse cha m'lamulo ndi masabata 12. Mwezi woyamba alandira K300,000 yake. Mwezi wachiwiri ndalama zitsika kufika pa K150,000, koma lendi ya nyumba ku Bangwe sitsika, fizi ya ana sitsika, ndipo wodwalayo akufunika kudya bwino kuposa kale. Pofika sabata lachisanu ndi chimodzi, mayiyu apempha dokotala kuti amulole kuyamba ntchito. Adzalowa m'ofesi ali woonda, akutopa msanga, akumwabe mankhwala m'mawa uliwonse, miyezi inayi ndi theka ikadali kutsogolo.

Chimene adzapeze n'chodziwikiratu. Kapu yake yaikidwa payokha pawindo, ndipo mesenjala amaitsuka pomaliza ndi madzi otentha. Mnzake amene ankadya naye nsima ya kulesitilanti masana alionse, tsopano amati wadya kale. Desiki yoyandikana nayo yasunthidwa pang'ono, "kuti mpweya uzidutsa".

Mantha amenewa achedwa, ndipo alunjika polakwika. Chifuwa chachikulu chimafala kudzera mumpweya, wodwala akatsokomola kapena kuyetsemula m'chipinda chotsekeka. Sichiyenda pakapu, pasupuni kapena popatsana moni wa pamanja. Komanso munthu amene ali ndi chifuwa chosavuta kuchiza, akamwa mankhwala mokhulupirika kwa masabata awiri kapena kupitirirapo pang'ono n'kuyamba kupeza bwino, mwayi woti apatsire ena umatsika kwambiri. Nthawi yoopsa inali mwezi uja ankatsokomola asanapite kuchipatala, mawindo ali chitsekere chifukwa cha chisanu cha Juni, aliyense akumuuza kuti ndi chimfine chabe, amwe madzi a mandimu. Ndiye ofesi yanzeru imabwezera kapu pamalo pake, imatsegula mawindo, ndipo imauza aliyense amene anakhala naye pafupi kuti akayamba kutsokomola, kutentha thupi usiku kapena kuonda, akayezetse msanga. Kuzipatala za boma kuyezetsa ndi mankhwala omwe ndi zaulere. Chifuwa chosamva mankhwala n'chosiyana: chimatenga nthawi yaitali, ndipo wonena tsiku lobwerera ndi dokotala, osati bwana kapena wodwala.

Womuyang'anira mayiyu ayenera kudziwa zinthu zochepa koma zenizeni. Mankhwalawa amatopetsa, ena amachita nawo mseru, ena amamva kuphwanya m'mawondo kapena dzanzi kumapazi. Mkodzo umafiira chifukwa cha mankhwala otchedwa rifampisini, ndipo zimenezo sizoopsa. Choopsa ndi maso kuchita chikasu kapena kusanza kosalekeza, chifukwa zingasonyeze kuti chiwindi chavutika. Zikatero, munthuyo asadikire nthawi yoweruka. Adzafunikanso masiku okatenga mankhwala ndi okayezetsanso makhololo pakutha pa mwezi wachiwiri, mwezi wachisanu ndi pomaliza. Masiku amenewa alembedwe pakalendala kuyambira tsiku loyamba. Munthu amene amapempha chilolezo mwezi ndi mwezi ataweramitsa mutu, bwana akuyang'ana wotchi, tsiku lina amangoleka kupempha. Akadumphitsa mankhwala, matenda amabwerera, ndipo nthawi zina amabwerera osamvanso mankhwala. Ofesi imene inakaniza theka la tsiku imadzataya munthuyo miyezi yambiri.

Pansi pa nkhani ya kapu pamabisala nkhani ina. M'dziko muno pafupifupi theka la odwala chifuwa chachikulu amapezekanso ndi HIV, ndipo anthu akumva kuti mnzawo watsokomola nthawi yaitali n'kuonda, amamaliza okha chiganizo. "Ndi chifuwa chokhadi?" amafunsa wina motsitsa mawu, akudzitcha wachifundo. Funso limeneli si la aliyense wa m'ofesimo kufunsa, ngakhale bwana. Lamulo la HIV ndi Edzi limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 limaletsa kuulula za mmene magazi a munthu alili iye asanavomereze, limaletsa kusala munthu pantchito pa chifukwa chimenechi, ndipo limaletsa kukakamiza munthu kuyezetsa kuti alembedwe ntchito. Makhoti anali atayamba kale kunena zimenezi lamuloli lisanabwere. Pa mlandu wa Banda ndi Lekha, umene khoti loona milandu ya ntchito linagamula mu 2005, mayi wina anapita yekha kukayezetsa, anapezeka ndi kachilombo, ndipo atabwerera kuntchito anachotsedwa nthawi yomweyo osam'patsa mpata wolankhulapo. Khoti linati kuchotsedwako kunali kosalungama ndipo kunali kusala. Mayiyo sanali wolephera kugwira ntchito. Chimene chinam'chotsa chinali mantha a womulemba ntchito.

Nanga wobwererayo anene chiyani? Asankhe ali kunyumba, asanakwere minibasi. Mayi wa ku Limbe uja ali ndi njira ziwiri, ndipo zonse n'zabwino. Angatchule matendawo: "Anandipeza ndi chifuwa chachikulu, ndili pa mankhwala, adokotala andilola kuyamba ntchito." Kapena angasunge dzinalo: "Ndinadwaladi, tsopano ndikupezako bwino, zikomo pondikumbukira." Chachikulu n'chakuti yankholo likhale lalifupi, likhale limodzimodzi kwa aliyense kuyambira mlonda wa pageti mpaka wamkulu wa ofesi, ndipo lizitsatidwa ndi nkhani ya ntchito: "Kodi mafayilo a mwezi watha munawaika pati, achimwene?" Munthu akauza uyu zochepa, uyu zambiri, anthu amakumana masana n'kuphatikiza zidutswazo, ndipo chimene amapanga chimaposa matenda enieniwo. Wofunsa mopitiriza amayankhidwa mwaulemu koma mosatsegula khomo: "Zimenezo tikuthana nazo ndi adokotala, mayi." Kubwereza mawu omwewo kawiri kumakwanira kwa ambiri.

Pa njira ziwirizi, pa chifuwa chachikulu kutchula dzina kumathandiza kwambiri ngati mwiniwake walimba mtima, chifukwa kumapatsa bwana mpata wofotokozera anthu zoona zake za kapu ndi mawindo, ndiponso wouza amene anakhala naye pafupi kuti akayezetse. Koma chisankho n'cha wodwala, ndipo bwana afunse kaye: "Anzanu ndiwauze chiyani, ndipo ndisawauze chiyani?"

Za woferedwa n'zovuta mwanjira ina, chifukwa palibe kalata ya dokotala yonena kuti mtima wachira. Lamulo la 2000 lija limatchula tchuthi cha pachaka, cha matenda ndi cha uchembere, koma silitchula masiku a maliro. Masiku amenewo amadalira mgwirizano wa ntchito wa malo alionse, ndipo kawirikawiri amathera pamwambo womwewo: ulendo wonyamula thupi kupita kumudzi, kuika, kumeta, kusesa, ndi zokambirana za akubanja. Munthu amabwerera m'tauni Lamlungu usiku asanakhale yekha ngakhale ola limodzi. Chisoni chenicheni chimayamba anthu atabalalika, ndipo nthawi imeneyo ndi yomwe akuyembekezeka kukhala padesiki 7:30 m'mawa.

Taganizirani mayi wolandira ndalama pasitolo yaikulu ku Lilongwe, amene mwamuna wake wamwalira mwadzidzidzi. Wabwerera patatha sabata limodzi, atavala zakuda, mpango kumutu. Usiku sagona. Masana amawerenga chenje kawiri koma osakumbukira kuti wawerenga. Tsiku lachitatu potseka, makina akusonyeza ndalama zina, m'dirowa muli zina: shoti ya K18,000. Lachisanu, shoti inanso. Anzake amene Lolemba ankamuuza kuti "pepani mayi, limbani mtima" ayamba kunong'onezana kuti mwina ndalama za maliro zinamusiya ndi ngongole. Pasanathe mwezi, munthu amene anam'perekeza kumanda ndi nyimbo akumuganizira kuba.

Kusokonekera maganizo kotereku n'kodziwika kwa aliyense amene anaferedwapo: tulo timasowa, chakudya sichikoma, zinthu zing'onozing'ono zimaiwalika. Shoti zija zikanapeweka ndi kukambirana kwa mphindi khumi Lachisanu asanabwerere. Woyang'anira sitoloyo akanatha kumuika kwa masabata awiri kapena atatu ku ntchito yolemba mitengo kapena yolongedza katundu m'mashelefu, malipiro osasintha, kapena kumusiya pamakina koma wina n'kumawerenga naye ndalama masana ndi madzulo. Chimodzimodzi dalaivala amene waika mwana wake sabata latha asapatsidwe ulendo wa usiku wa ku Karonga, ndipo namwino woferedwa asasiyidwe yekha pogawa mankhwala. Kusinthaku kukhale ndi tsiku lothera, ndipo mwiniwake avomereze. Kum'landa munthu ntchito zonse osam'funsa, n'kumusiya akuyang'ana khoma tsiku lonse, kumam'pweteka mofanana ndi kumusenzetsa mulu wonse umene unadikira padesiki.

Pali katundu wina amene anzake a kuntchito saona. Mkazi wamasiye amafunika kalata ya imfa, amafunika kukaonekera kuntchito kwa malemu ndi kwa osunga penshoni, kubanki, ndiponso kwa bwanamkubwa wa boma kapena ku ofesi yoyang'anira chuma cha masiye ngati malemu sanasiye wilo. Maofesi onsewa amatsegula nthawi yomwe iye ali pantchito, ndipo sizitheka ulendo umodzi. Nthawi zina kunyumba kwafika achibale a mwamuna ofuna makiyi a nyumba ndi galimoto, ngakhale kuti lamulo la chuma cha masiye la 2011 linaika kulanda chuma chotere m'gulu la milandu. Mnzake amene akufunadi kuthandiza asanene kuti "mukafuna chilichonse mundiuze", chifukwa wamasiye sadzanena. Anene chinthu chogwirika: "Lachitatu m'mawa ndikhalapo pamalo panu, inu mupite kubomako."

Ndiye pali nkhani ya kuseka. Tsiku lina masana mayi wa kusitolo uja aseka nthabwala ya mnzake, kuseka kwenikweni, ndipo wina akuona apotoza pakamwa: "Mwezi sunathe, waiwala kale." Mawa lake mayi yemweyo alira m'chimbudzi chifukwa kasitomala wavala malaya ofanana ndi a malemu, ndipo wina ati: "Ameneyu ntchito yamukanika." Onse awiri alakwitsa. Akatswiri awiri a ku Utrecht m'dziko la Netherlands, Margaret Stroebe ndi Henk Schut, anafotokoza mu 1999 kuti woferedwa sayenda njira yowongoka kuchoka pachisoni kupita pakuchira. Amapita uku ndi uku: nthawi ina ali ndi malemu m'maganizo, nthawi ina ali pa zamoyo, lendi, ana, ntchito, ngakhale nthabwala. Kusinthasintha kumeneku ndiko kumamuthandiza kupirira. Ambiri ntchito imawapatsa maola ochepa opumira kuchisoni, ndipo wowatsutsa poseka akuwalanda mpumulo womwewo.

Mawu opweteka kwambiri m'maofesi amanenedwa ndi anthu ofuna kutonthoza. Mayi amene wataya khanda amauzidwa kuti "mukadali wamng'ono, mudzabereka wina", ngati kuti amene wapitayo analibe dzina. Bambo amene waika mkazi wake amafunsidwa pasanathe miyezi iwiri kuti ana awalera ndani, funso limene aliyense akudziwa kumene likulowera. Wamasiye amafunsidwa kuti "kodi anadwala nthawi yaitali?" ndipo wofunsayo maso ali pathupi la wamasiyeyo. Mawu okwanira ndi ochepa ndipo aliyense amawadziwa: "Pepani ndi zovuta zija, mayi. Takondwa kuti mwabwera." Anenedwe kamodzi, pamalo oduka mphepo, osati pamsonkhano wa m'mawa anthu makumi awiri akuyang'ana. Amene ankam'dziwa malemu asaope kum'tchula. Oferedwa ambiri chimawawawa kwambiri ndi kuona anthu akulambalala dzinalo ngati munthuyo sanakhaleko. Ndipo amene sanapite kumaliro asabisale m'makonde sabata lonse chifukwa cha manyazi. Apite, apepese, apereke chipepeso chake ngakhale mochedwa.

Chisoni chambiri chimapepuka chokha m'kupita kwa miyezi, ngakhale chimabukanso pa Khirisimasi yoyamba, pa tsiku limene malemu anamwalira ndi pa nthawi yomanga chiliza. Woyang'anira wabwino amalemba masiku amenewa penapake. Koma chilipo chisoni chimene sichisuntha. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, m'ndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, linaikamo chisoni chokhalitsa: chopitirira miyezi 6, choposa chimene mwambo wa anthu ake umayembekezera, ndipo cholepheretsa munthu kuchita za tsiku ndi tsiku. Pantchito chimaoneka ndi kujomba Lolemba lililonse, fungo la mowa m'mawa kwa munthu amene sankamwa, kudzipatula, ndi mawu onga akuti "bola ndikanapita ndine". Mawu otsirizawa asatengedwe ngati kudandaula chabe. Munthuyo afunsidwe mwachindunji ngati akuganiza zodzipha, ndipo aperekezedwe kuchipatala tsiku lomwelo. Zipatala za m'maboma zili ndi anamwino oona za matenda a maganizo, ndipo kuli chipatala cha ku Zomba ndi cha St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Nthawi zina chimene chinayamba ngati kusowa chonena chimasanduka kusala. Kusiyana kwake kumaoneka ndi nthawi. Manyazi a anzake amatha pa sabata limodzi kapena awiri. Kusala kumakula: munthu saitanidwanso kumisonkhano, ntchito yake yapatsidwa kwa wina osamuuza, bwana wayamba kumufunsa ngati sizingakhale bwino kuti "akapume kumudzi". Zikafika apa wobwererayo agule kope, azilemba tsiku, mawu amene anenedwa ndi amene analipo, ndipo asunge makalata onse a kuchipatala, kuofesi azipereka ojambulitsa. Ndime 57 ya Lamulo la Ntchito imati kujomba kwakanthawi chifukwa cha matenda kapena kuvulala si chifukwa chochotsera munthu ntchito, ndipo munthu woganiziridwa kuti walakwa kapena walephera ntchito ayenera kupatsidwa mpata wodziteteza asanachotsedwe. Wochotsedwa ali ndi miyezi 3 yokadandaula ku ofesi ya zantchito ya m'boma lake. Asasaine kalata yosiya ntchito yolembedwa ndi wina, ngakhale am'lonjeze ndalama zapamanja, asanafunse kumeneko kapena ku bungwe la ogwira ntchito.

Zambiri sizifika kukhoti, ndipo siziyenera kufikako. Inu amene muli ndi anthu pansi panu, musadikire kuti mudzakumane naye pakhomo Lolemba m'mawa. Muimbireni foni Lachinayi kapena Lachisanu. Mufunseni chimene anzake auzidwe, ntchito imene angaithe sabata loyamba, ndi masiku amene adzafune kupita kuchipatala kapena kuboma. Zimene mwagwirizana muzilembe, mum'patse pepala lake, ndipo pakatha masabata awiri mukhale nayenso pansi.